Kolorini yekha satsuka chigubu

Inu alangizi a zaumoyo amene mwangoyamba ntchito ku Mulanje kuno, musanathire kolorini m'chigubu cha munthu, pisanimo chala. Mukamva kuterera, mwapeza bayofilimu: mabakiteriya amene amatirira pakhoma n'kudzikuta ndi ulimbo wotuluka m'matupi mwawo.

Madzi athu ambiri amatsika okha m'mipope kuchokera m'mitsinje ya m'phiri monga Likhubula ndi Lichenya. Mpope ukathyoka, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope amalowa, tizilombo n'kukakamira m'kati, makamaka kumapeto kwa mzere kumene madzi amagona. Kuwotcherera pothyokapo sikokwanira. Tsegulani kumapeto, madzi athamange mwamphamvu mpaka ayere, kenako muthire mankhwala.

Nayi nkhani imene mudzakumane nayo. Mayi watunga malita 20, wathira kolorini pamuyezo wake, wadikira mphindi 30. Mukayeza muyenera kupeza mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 otsala pa lita. Inu mwapeza palibe, chonsecho madziwo ndi oyera mbee. Musafulumire kudzudzula mayiyo. Kolorini amatha mphamvu akakhudza litsiro, ndiye ulimbo wapamwamba wamudya asanafike kwa tizilombo tapansi. Usiku tina timasomphoka pakhoma n'kubwerera m'madzi, ndipo kachilombo ka kolera nakonso kamadziwa kubisala chotere. Kuwonjezera mankhwala kumangonunkhitsa madzi, banja n'kusiya kumwa. Chigubucho achikweche ndi burashi ndi sopo, achiviike mu kolorini, achiyanike. Kukhutchumula ndi mchenga sindikulimbikitsa, chifukwa umakanda pulasitiki, ndipo m'mikwingwirimamo ndi momwe bayofilimu amagwira msanga.

Kuchipatala pali chifukwa chachiwiri chimene bayofilimu amapulumukira ku mankhwala, choopsa kuposa ichi. Tizilombo tapansi penipeni timasowa mpweya ndi chakudya, choncho timangogona osaswana, pomwe mankhwala ngati penisilini amapha tizilombo tikamaswana. N'chifukwa chake wodwala wokhala ndi kathetala, kapaipi kotulutsira mkodzo, amapeza bwino akamamwa mankhwala, koma akangomaliza, kutentha thupi kuja n'kubwerera: ogona aja adzuka. Pakatha mwezi, pafupifupi aliyense wokhala ndi kathetala amakhala ndi mabakiteriya mumkodzo. Mukaona mkodzo wambuu, ukudontha m'mbali mwa kapaipi kapena wasiya kutuluka, mutumizeni kuchipatala tsiku lomwelo akasinthe kapaipiko. Musamulole kukagula makapisozi kumsika.

Bayofilimu wa m'mano, Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anamuona kale cha m'ma 1683: atachukucha viniga, tizilombo tinafa tapamwamba tokha. Uzani ana otafuna nzimbe ndi kumwa tiyi wa shuga wambiri kuti kuchukucha sikutsuka. Azikwecha ndi mswachi kawiri patsiku, mphindi ziwiri, makamaka pokumana dzino ndi nkhama. Bayofilimuyo akakhalitsa n'kusanduka gaga wolimba, mswachi sungathenso, apite kwa dokotala wa mano akapale.