Anthu 27 anadwala titadya ku ukwati: mmene tinakanenera kwa a zaumoyo

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, si dokotala ayi. Koma Loweruka lina msuweni wanga anamanga ukwati ku Machinjiri, ndipo pofika Lamulungu m'mawa ndinapezeka ndikuchita ntchito imene sindinaiganizirepo: kulemba mayina a anthu otsekula m'mimba m'kope langa lokonzera maphunziro.

Chakudya tinalandira cha m'ma 2 koloko masana, perekaniperekani ali mkati. Panali mpunga, nyama ya ng'ombe ya msuzi, nkhuku yokazinga ndi saladi wa kabichi wothira mayonezi. Usiku womwewo, nthawi itangodutsa 1 koloko, m'mimba mwanga munayamba kupota. Ndinkaganiza kuti ndi usipa umene ndinadya madzulo kunyumba. Kutacha, pagulu la WhatsApp la komiti ya ukwati wina analemba kuti sanagone. Wina wa ku Bangwe anayankha kuti nayenso. Pasanathe ola limodzi tinali anthu 11.

Tsono taonani vuto la mzinda ngati wathu. Alendo a ukwatiwo anachokera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa. Wodwala aliyense akafuna thandizo amapita ku chipatala chaching'ono cha kwawo, wina ku Gulupu, wina amangogula mapiritsi pa golosale. Namwino wa ku Chilomoni akaona anthu awiri otsekula m'mimba sadabwa, chifukwa amawaona tsiku ndi tsiku. Wa ku Bangwe akaona atatu, chimodzimodzi. Palibe mmodzi wa iwo amene akudziwa kuti anthu onsewa dzulo anali mu holo imodzi. Amene akudziwa ndi ife amene tinadya. A zaumoyo amati anthu awiri kapena kuposa akadwala mofanana atadya chakudya chimodzi, imeneyo ndi nkhani yofunika kuifufuza, koma sangaifufuze ngati wina sanawauze.

Nditanena kuti tipite kukanena, azakhali, amene ndi mayi a mkwati, anandiimbira foni.

"Iwe mwana wa achimwene, ukufuna kutiyalutsa? Anthu adzati pa ukwati wa mwana wanga panali chiphe."

"Ayi azakhali, anthu ayamba kale kunena zimenezo. Ena akuti wina wa kuchikazi anathira mankhwala. Tikakhala chete, bodzali ndi limene likhale."

Chimene chinawatembenuza mtima sichinali mawu angawo. Ndinawakumbutsa kuti amayi ambiri anatenga zotsala m'majumbo ndi m'makontena kupita nazo kwa ana kunyumba. Chakudya chimene chinatidwalitsa chinali chidakali m'nyumba za anthu, kudikira nthawi ya nkhomaliro. Panalinso mantha ena amene aliyense wa mu Blantyre amawadziwa. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ena mwa inu mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Anthu ambiri akatsekula m'mimba nthawi imodzi, funso loyamba la a zaumoyo ndi lakuti kodi si kolera, ndipo funso limeneli siliyankhidwa pa WhatsApp.

Tinatumiza uthenga kuti aliyense amene ali ndi zotsala asadye komanso asataye. Kenako ine ndi mlamu wanga tinapita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Pa chipatala cha boma chilichonse chotere pamakhala alangizi a zaumoyo, aja amayenda m'makomo kugawa kolorini ndi kukayeza ana kusikelo, ndipo amayang'aniridwa ndi mkulu woona za ukhondo. Nkhani yotere imapita kwa iwo, ndipo iwo amaitumiza ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre. Poti linali Lamulungu, tinafotokozera amene anali pa ntchito tsikulo, iwo n'kuimbira foni mkuluyo. Musadikire Lolemba, ndipo musadikire kuti mukhale ndi umboni. Kupeza umboni ndi ntchito yawo.

Mkuluyo atafika sanafunse kuti anaphika ndani. Anafunsa kuti chakudya chinagawidwa nthawi yanji, panali anthu angati, ndipo aliyense anayamba kudwala nthawi yanji. Anandiuza kuti ndijambule mizere m'kope: dzina, zaka, kumene akukhala, foni, nthawi imene zizindikiro zinayamba, zizindikirozo (kusanza, kutsekula, magazi m'chimbudzi, kutentha thupi), ndi chakudya chilichonse chimene munthuyo anadya. Kenako ananena chinthu chimene chinandidabwitsa: "Aphunzitsi, mulembenso amene sanadwale." Tibwererako.

Nthawi ija amaifunsa chifukwa imaloza mtundu wa kachilombo. Mabakiteriya ena amasiya poizoni m'chakudya chisanadyedwe, choncho munthu amayamba kusanza msanga, pakati pa ola limodzi ndi maola 6. Umu ndi mmene amachitira Staphylococcus aureus, amene amachokera pa khungu kapena pa chilonda cha wophika, ndi Bacillus cereus wa mu mpunga wogona. Ena amayamba alowa m'matumbo kaye, ndiye amachedwa. Clostridium perfringens amatenga maola 6 mpaka 24, ndipo amapotetsa m'mimba ndi kutsekula, koma kawirikawiri munthu sasanza kapena kutentha thupi. Salmonella atha kutenga masiku, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi kutentha thupi. Kwa ife, woyamba anadwala 10 koloko usiku, ambiri pakati pa 12 ndi 4 koloko, womaliza 8 koloko m'mawa. Kuchokera pa 2 koloko masana, amenewo ndi maola 8 mpaka 18, ambiri pafupi ndi 12. Palibe anatentha thupi, anasanza ndi awiri okha. Usipa wanga uja ndinangounamizira: anthu timakonda kuloza chimene tadya komaliza, pamene chotidwalitsa tinadya kale.

Pofika madzulo tinali titalankhula ndi anthu 60, ndipo 27 mwa iwo anadwala. Pafupifupi aliyense ankati ndi saladi, chifukwa mayonezi ali ndi mbiri yoipa. Zoonadi, mwa odwala 27, anthu 18 anadya saladi. Zikumveka ngati mlandu watha eti? Apa m'pamene anthu osadwala aja amathandiza. Amene anadya saladi onse anali 40, ndipo 18 mwa 40 ndi 45 pa 100 alionse. Amene sanadye saladi anali 20, ndipo 9 mwa iwo anadwala, amenenso ndi 45 pa 100. Kudya saladi kapena kusadya sikunasinthe kanthu.

Tsopano nyama ya ng'ombe. Anadya ndi anthu 36, anadwala 25, kutanthauza pafupifupi 69 pa 100. Sanadye ndi anthu 24, anadwala awiri okha, pafupifupi 8 pa 100. Gawani 69 ndi 8, muona kuti wodya nyamayo anali pa chiopsezo choposa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi wosadya. Mpunga sitinathe kuuyeza mwa njira imeneyi, chifukwa anadya pafupifupi aliyense ndipo panalibe gulu loyerekezera nalo. Zili ngati mu labotale: popanda choyerekezera, zotsatira sizikuuzani kanthu.

Amayi ophika atafunsidwa, mwaulemu ndithu, anafotokoza kuti nyamayo inaphikidwa Lachisanu usiku m'sefuliya yaikulu pa nkhuni, inaphulidwa cha m'ma 10 koloko, n'kuvundikiridwa bwinobwino mpaka m'mawa. Loweruka anangoitenthetsa pang'ono n'kupita nayo ku holo. Apa ndiye Fizikisi yanga inayamba kugwira ntchito. Kutentha kumachoka kudzera pamwamba ndi m'mbali mwa chinthu, koma kumasungidwa m'kati monse. Mukakulitsa poto kawiri mbali zonse, malo otulukira kutentha amachuluka kanayi, koma chakudya chimachuluka kasanu ndi katatu. Ndiye poto wamkulu amazizira pang'onopang'ono kwambiri. Kuonjezera apo, chinthu chimazizira msanga pamene chatentha kwambiri kuposa mpweya wozungulira, ndipo liwiro lake limatsika kusiyanako kukamachepa. Nyama imatsika mofulumirirapo kuchoka pa 100°C, koma pa 50°C ndi 40°C imakhalitsa.

Pamenepo m'pamene pali ngozi. Mabakiteriya ambiri amaswana pakati pa 5°C ndi 60°C. Kuwiritsa kumapha ambiri, koma Clostridium perfringens amapanga timbewu tolimba timene timapulumuka moto, ndipo pansi pa msuzi pamene mulibe mpweya wa okosijeni m'pamene amakonda. Tiyerekeze kuti bakiteriya aliyense akugawikana pawiri mphindi 20 zilizonse:

```
N = N₀ × 2ⁿ
```

Pa maola 6 agawikana ka 18, ndipo 2¹⁸ ndi 262,144. Mukayamba ndi 100 okha, mumaliza ndi oposa 26 miliyoni. Nyamayo sinunkha, sisintha mtundu, ndipo kunena zoona inali yokoma. Akanaigawa m'mabeseni osaya kuti izizire msanga n'kuika mu fuliji, kapena akanaiwiritsanso mpaka kubwata ponseponse n'kuigawa ikadali yotentha, mwina sindikanalemba nkhani ino.

A zaumoyo anatenga zotsala zimene mayi wina anasunga mu fuliji, ndiponso chimbudzi cha odwala angapo. Anatichenjeza kuti tisamwe maantibayotiki ogula patokha, chifukwa pa matenda ngati awa sathandiza, komanso amasokoneza zoyeza. Mankhwala enieni anali madzi a Thanzi ORS. Amene analibe anapanga okha: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mpaka pamwamba ngati phiri, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Koma anati aliyense wotsekula madzi oyera ngati otsukira mpunga, wa magazi m'chimbudzi, wosanza chilichonse chimene wamwa, wosakodza kapena wa maso olowa m'kati, apite ku chipatala nthawi yomweyo, makamaka ana, okalamba ndi amayi oyembekezera. Agogo athu a zaka za m'ma 70 anafooka mpaka anawaika dilipi. Anawayeza kolera, sanawapeze nayo, ndipo anatuluka tsiku lotsatira. Enafe pofika Lolemba tinali bwino.

Dzina la bakiteriya ndalitchula pamwambapa ndi kumene nthawi ndi zizindikiro zinaloza. Masamu a m'kope angakuuzeni chakudya chokayikitsa, koma kachilombo kenikeni amatsimikiza ndi a labotale okha. Chimene masamuwo anachita n'chakuti pa msonkhano wa ankhoswe sabata yotsatira, nkhani ya chiphe sinapitirire, chifukwa amalume anawerenga manambala aja pamaso pa mbali zonse ziwiri.

Anthu awiri aja amene anadwala osadya nyama anandisowetsa mtendere, ndiye ndinawaimbiranso. Mmodzi anati iye sadya ng'ombe, anatenga nkhuku, koma mpunga unali wouma ndiye anapempha kuti amuthirireko msuzi. Ndinamusamutsa m'kope, manambala n'kukhala 26 mwa 37 ndi mmodzi mwa 23. Winayo anaumirira kuti anadya mpunga ndi nkhuku basi, ndipo ndinamusiya pomwe anali.