Makasitomala Akamakudutsani Ngati Mlendo

Mu Januwale 2009, kampani ya ku America yogulitsa juwisi wa malalanje, Tropicana, inasintha makatoni ake. Inachotsa chithunzi chomwe anthu anachizolowera, cha lalanje lobayidwa ndi kapaipi komwera, n'kuikapo tambula ya juwisi. Dzina analilemba ndi zilembo zina, choimirira m'mbali. M'miyezi iwiri yokha malonda anatsika ndi 20 peresenti, ndipo katoni yakale inabwerera.

Juwisi anali yemweyo. Chinavuta n'chakuti wogula sawerenga kaye. Diso limayamba lagwira mtundu ndi chithunzi chomwe likuchidziwa, dzanja n'kutsatira. Diso litasowa lalanje lija, anthu ambiri anangodutsa.

A Tropicana analakwitsa kamodzi. Nanga inu amene mumatsatsa makeke kapena zovala pa foni, simukuchita zomwezo sabata iliyonse? Mumatsegula Canva, n'kutenga tempuleti yomwe yakusangalatsani tsikulo. Lolemba yofiira, Lachitatu yagolide ya zilembo zopotanapotana, zoti munthu mpaka atsinzinire kuti aone mtengo. Iliyonse payokha ndi yokongola, sindikukana. Koma ndani angadziwe kuti zonsezi n'zanu?

Yalani zotsatsa zanu zisanu ndi zinayi zaposachedwa, mubise dzina ndi chala. Zikuoneka za munthu mmodzi? Kodi kasitomala wakale anakufunsanipo kuti, "Kodi munasiya geni?" chonsecho mumatsatsa tsiku lililonse? Likatero funso, dziwani kuti zinthu zapita kale patali.

Mitundu musamasankhe ndi maso, chifukwa buluu wa lero sadzafanana ndi wa mawa. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Mwachitsanzo, #0B3D91 ndi buluu wakuda, #FFC107 ndi wachikasu, #FFFFFF ndi woyera. Itatu yakwana. Lembani manambalawo pena pake, muziwaika omwewo nthawi zonse. Zilembo zikhale za mitundu iwiri, monga Montserrat pamutu ndi Open Sans pa mawu enawo. Mu Canva mukaona kachisoti kachifumu pambali pa dzina la zilembo, zimenezo n'zolipira, zisiyeni.

Pa logo ndi pomwe ambiri amagwera. Amaikoka mbali imodzi, yozungulira n'kusanduka dzira. Ikokeni pakona kuti isapunduke. Ena amaikankhira m'mphepete penipeni. Pa sitetasi ya WhatsApp, ya 1080 x 1920, dzina lanu limaphimba pamwamba, ndipo pansi pamakhala poyankhira, ndiye logo ya kumeneko imabisika. Ilowetseni mkati pang'ono, muisankhire ngodya imodzi, isamasamukesamuke.

Mukakonza chotsatsa chimodzi chabwino, chisungeni. Mawa musakayambenso kufufuza matempuleti. Dinani Make a copy, musinthe chithunzi ndi mtengo basi, kenako mudzitumizire kaye pa foni muone ngati mtengowo ukuwerengeka musanakulitse chithunzi.