Manambala a Mitu mu Lipoti Akusokonekera

Funso: Ine ndi mnzanga wa kuntchito tikulemba lipoti limodzi mu Word, koma manambala a mitu akumasokonekera. Ndiwalembere zotani pa imelo?

Yankho: Auzeni kuti gwero la vutoli ndi kusakaniza manambala otaipa pamanja ndi amene Word imaika yokha. Umboni auone okha: akadina nambala yoikidwa ndi Word, imachita mthunzi pamodzi ndi anzake, pomwe yotaipa siitero. Word siwerengera 2.3 wotaipa pamanja, n'chifukwa chake mutu wotsatira umatulukanso 2.3. Lumikizani Multilevel List ku Heading 1 ndi Heading 2, ndipo zokopera kwina muzimata ndi Keep Text Only, kenako n'kufufuta manambala akeake amene zimabwera nawo. Mwina adzati kutaipa pamanja n'kwachangu. Zoona, koma mukadzalowetsa mutu watsopano pakati, mitu yonse yotsatira mudzaikonza umodziumodzi.