Mafunso ndi Mayankho: Kumasulira Mgwirizano wa Ngongole

Makalata atatu amene tasankha lero akukhudza ntchito imodzi, yomasulira mgwirizano wa ngongole kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Tiyambe ndi bambo wina wa ku Mponela, mlembi wa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama. Iwo akuti: "Anandipatsa mgwirizano wathu kuti ndiumasulire mamembala azitha kuwerenga okha. Nditamaliza ndaona kuti mawu akuti ngongole akubwera pafupifupi mzere uliwonse, ndipo pena ndalemba phindu, pena chiwongoladzanja, kuti zisatopetse. Kodi pali vuto?"

Vuto lilipo, bambo, ndipo ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera. Polemba nkhani, kusinthasintha mawu ndi luso. Pomasulira mgwirizano, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka posaina, ndipo dzina limodzi lisanyamule zinthu ziwiri. Mawu akuti ngongole polankhula amakwanira, chifukwa wokongoza ndi wokongola ali pamaso ndi pamaso ndipo akhoza kufunsana. Papepala mawu omwewo amabisa zinthu zinayi zosiyana: ndalama zimene munthu analandira tsiku loyamba, mbali ya ndalamazo imene sanabwezebe, gawo limene ayenera kupereka mwezi uno, ndiponso gawo limene tsiku lake ladutsa asanalipereke. Chingerezi cha m'migwirizano chimapatsa chilichonse mwa izi dzina lakelake. Womasulira akazitcha zonse ngongole, wafafaniza malire amene wolemba mgwirizano anaika dala.

Tiyeni tione ndi manambala, chifukwa m'pamene nkhani imaonekera. Tinene kuti membala wabwereka K600,000, chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi, ndipo abweza m'miyezi 6. Ngati 5 peresentiyo ikuwerengeredwa pa ndalama zonse zimene analandira poyamba, mwezi uliwonse chiwongoladzanja ndi K30,000 osasintha, pa miyezi 6 ndi K180,000, ndipo zonse pamodzi abweza K780,000. Koma ngati ikuwerengeredwa pa ndalama zotsala, zinthu zimayenda mwina. Mwezi uliwonse akubweza K100,000 ya ndalama zimene analandira, choncho chiwongoladzanja chimayamba pa K30,000, mwezi wachiwiri K25,000, wachitatu K20,000, kutsika choncho mpaka K5,000 mwezi womaliza. Chonse chimakwana K105,000, ndipo abweza K705,000. Kusiyana kwake ndi K75,000 pa ngongole yomweyo, peresenti yomweyo, miyezi yomweyo. Tsono womasulira akalemba kuti "chiwongoladzanja ndi 5 peresenti ya ngongole pamwezi", chiganizocho chikulola njira ziwiri zonsezi, ndipo membala sangadziwe kuti wavomera iti. Chimene chimapusitsa n'chakuti mwezi woyamba njira zonse ziwiri zimapereka K130,000. Wobwereka amazindikira mwezi wachiwiri, atabwera ndi K125,000 n'kuuzidwa kuti yaperewera.

Choncho musanamasulire chiganizo ngakhale chimodzi, lembani kaye mndandanda wa mayina. K600,000 ija muitche "ndalama zobwereka". Zimene sizinabwezedwe muzitche "ndalama zobwereka zotsala". Zopereka mwezi ndi mwezi zikhale "gawo la mwezi", ndipo limene tsiku lake ladutsa likhale "gawo lochedwa". Chiwongoladzanja chikhale chiwongoladzanja paliponse. Mawu akuti phindu achokemo, chifukwa phindu ndi limene mlimi amapeza akagulitsa soya kapena limene mamembala amagawana kumapeto kwa chaka, ndipo wowerenga akhoza kuganiza kuti ndi ndalama ina yapadera. Ndalama zolipirira fomu, za inshuwalansi ndi chindapusa nazonso zisalowe m'dzina la chiwongoladzanja. Mukatero tengani ndondomeko yobwezera, ija ya mizere ndi manambala, muike mitu yake ndi mayina omwewo, kenaka muwerengere mzere wachiwiri pogwiritsa ntchito Chichewa chanu chokha, osayang'ana Chingerezi. Nambala ikafanana ndi ya pa ndondomeko, mwamasulira bwino. Ikasiyana, kapena mukapeza kuti manambala awiri onse ndi otheka, chiganizocho chikonzedwe. Musaiwalenso mawu akuti "pamwezi" ndi "pachaka": 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi, pamene 5 peresenti pamwezi ndi 60 peresenti pachaka, ndipo kugwetsa mawu amodziwa n'kosavuta.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza, mphunzitsi wa Chichewa. Iwo sakugwirizana ndi njira imeneyi, ndipo akuti: "Chichewa chobwerezabwereza chotere n'chouma, anthu sayankhula choncho. Komanso migwirizano yambiri imanena kuti pakakhala kusiyana, pepala la Chingerezi ndi limene litsatidwe. Nanga kuvutikiranji?"

Mayi, mbali yoyamba mukunena zoona. Palibe amene amati "ndalama zobwereka zotsala" pa msonkhano wa banki m'khonde, amangoti "kwatsala zingati?" kapena "balansi yanga ndi zingati?" Koma tamverani funso limenelo bwino. Balansi imene akufunsayo ndi ndalama zobwereka zokha, kapena pamodzi ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene isanafike? Pa chitsanzo chathu chowerengera pa zotsala, munthu atabweza miyezi iwiri, ndalama zobwereka zotsala ndi K400,000, koma magawo anayi amene akubwera akaphatikizidwa ndi K450,000. Onse awiri anthu amawatcha balansi. Kubwereka mawu ku Chingerezi sikuthetsa vutoli, kumangolisamutsa. Ine sindikana mawu obwereka ngati peresenti, banki kapena inshuwalansi, amene aliyense amawamva mofanana. Chimene ndikukana ndi dzina lokhala ndi matanthauzo awiri. Kuuma kumene mukudandaula kuli ndi mankhwala ake: ndime ya matanthauzo kumayambiriro, yofotokoza dzina lililonse m'Chichewa chapafupi, ndipo ziganizo zitalizitali za maloya zidulidwe kukhala zifupizifupi. Womasulira ali ndi ufulu wonse pa kamangidwe ka chiganizo. Pa mayina alibe ufulu wotero.

Mbali yachiwiri ndiyo imene ndikutsutsa kwambiri. N'zoona kuti ndime yopatsa mphamvu pepala la Chingerezi imapezeka kawirikawiri, ndipo n'zoona kuti zolemba za makhoti athu zimakhala m'Chingerezi. Koma ndime imeneyo ikukulitsa udindo wa womasulira. Munthu amasankha kusaina kapena kusasaina malinga ndi pepala limene walimva, koma adzaweruzidwa ndi pepala limene sanalimve. Mapepala awiriwo akasiyana, amene amapwetekeka ndi iye, ndipo amapwetekeka ndi mawu a chilankhulo chake chomwe. Ndime imeneyo nayo imasuliridwe poyera, isabisidwe, kuti wosainayo adziwe kuti ali ndi chifukwa chofunsira. Ndipo bungwe lobwereketsa nalo silipindula: mabungwe a ngongole zing'onozing'ono amayang'aniridwa pansi pa malamulo a 2010 kudzera ku Banki Yayikulu ya dziko lino, ndipo bungwe limene pepala lake la Chichewa likunena zosiyana ndi zimene limatolera ladziikira lokha umboni wolitsutsa.

Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe amene akuphunzira ntchito yomasulira. Akuti: "Ndime yonena za munthu amene waphwanya malonjezo ndaipatsa mutu wakuti 'Kulephera kubweza ngongole'. Mnzanga akuti ndalakwitsa. Ndalakwitsa pati?"

Mnzanuyo waona bwino, achimwene. Werenganinso ndimeyo m'Chingerezi, mupeza kuti pansi pa mutu umenewo pali zinthu zingapo, ndipo kusabweza ndi chimodzi chabe. Kawirikawiri mumakhalanso kupereka uthenga wabodza pofunsira ngongole, kugulitsa katundu wa chikole popanda chilolezo, kapena kugwiritsa ntchito ndalama pa zimene simunagwirizane. Munthu amene akubweza mokhulupirika mwezi uliwonse, akagulitsa njinga yamoto imene anaika chikole, wagwa kale m'ndime imeneyi. Mutu wanu ukumuuza kuti ali bwinobwino. Dzina loyenera ndi "kuphwanya mgwirizano", ndipo lisiyanitsidwe ndi "kuchedwa kubweza", chifukwa migwirizano yambiri imapereka masiku angapo pakati pa ziwirizi. Ngati mgwirizano ukuti gawo likachedwa masiku 30 ndiye kuti waphwanyidwa, munthu amene wachedwa masiku 10 ali ndi chindapusa koma sanaphwanye. Mukasakaniza mayina awiriwa, mwina mumuopseza msanga, mwina mumugoneka tulo tsiku la ngozi likuyandikira.

Apa ndi pamene mayina aja a bambo a ku Mponela amagwira ntchito yake yeniyeni. Membala uja walephera gawo lachitatu, lomwe ndi K120,000. Mgwirizano ukuti chindapusa ndi 2 peresenti pamwezi. Ngati ndi ya gawo lochedwa, chindapusa ndi K2,400. Ngati ndi ya ndalama zobwereka zotsala, zomwe ndi K400,000, chindapusa ndi K8,000. Ndipo ndime yolemera kuposa zonse, imene imati mgwirizano ukaphwanyidwa wobwereketsa akhoza kuitanitsa zonse nthawi imodzi, ikamasuliridwa kuti "adzalipira ngongole nthawi yomweyo", wobwereka aganiza za K120,000 pamene akufunidwa K400,000 ndi zowonjezera zake. Lembani mosabisa: ndalama zobwereka zotsala zonse, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa chimene chafika, ngakhale masiku a magawo enawo asanakwane, ngati Chingerezicho chikunena zimenezo.

Mawu ang'onoang'ono awiri muwasamalenso. "Akhoza" ndi "ayenera" si amodzi. Pamene Chingerezi chikupatsa wobwereketsa ufulu wosankha, lembani "akhoza". Pamene chikumukakamiza, monga kupereka kalata yochenjeza asanatenge chikole, lembani "ayenera", chifukwa pamenepo pali chitetezo cha wobwereka, ndipo mukafewetsa mwamulanda chitetezocho. Komanso "wobwereka" ndi "wobwereketsa" amasiyana ndi malembo ochepa kumapeto, moti kutsetsereka kwa chala kumasamutsa udindo kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake. Mukamaliza, fufuzani mawu awiriwa paliponse pamene apezeka, limodzilimodzi, mukudzifunsa kuti amene akupereka ndani ndipo amene akulandira ndani.

Wina anganene kuti nanga Chingerezi chenichenicho chikakhala chosamveka, chikutcha chinthu chimodzi mayina awiri kapena chosanena kuti peresenti ikuwerengeredwa pa chiyani? Zimachitika, makamaka m'migwirizano yokoperana. Pamenepo womasulira asasankhe yekha tanthauzo limene akuliona labwino, chifukwa akatero walemba mgwirizano watsopano umene mbali ziwirizo sizinagwirizane. Alembe funso, alitumize kwa mwini mgwirizano, Chingerezicho chikonzedwe kaye, kenaka Chichewa chitsatire. Achimwene a ku Area 25, mutitumizire ndime imeneyo mukaikonza, pamodzi ndi mndandanda wanu wa mayina, tidzaiwerenge pano sabata yamawa.