Kupindula pa foreksi ngakhale mukuluza kawirikawiri: werengerani musanagule

Anthu ambiri ongoyamba malonda a foreksi amafunsana kuti, "Pa matiredi khumi mumawina angati?" Funsoli palokha silithandiza. Munthu angathe kuwina 7 pa 10 koma akaunti yake n'kumaphwa, wina n'kumawina 3 kapena 4 okha ndalama zake zikukwera. Chimene chimawasiyanitsa ndi kukula kwa zomwe amataya akaluza poyerekeza ndi zomwe amatenga akawina. Tiyeni tione mawerengedwe ake pa tiredi imodzi ya EUR/USD.

Yambani ndi ndalama imene mwalolera kutaya, phindu libwere pambuyo. Tinene kuti mu akaunti muli $500 ndipo mwasankha kuti tiredi iliyonse isakudyereni zoposa 1 peresenti, yomwe ndi $5. Ndalama imeneyi tiitche R. Kuyambira apa chilichonse muzichiyeza ndi R: kuluza kumodzi ndi R imodzi, kuwina $15 ndi ma R atatu.

Kenako yang'anani pa tchati malo amene mtengo ukafikapo ndiye kuti ganizo lanu linali lolakwika. Mwachitsanzo, mukufuna kugula pa 1.0850, ndipo mtengo wakhala ukubwerera m'mwamba nthawi zonse ukatsikira cha pa 1.0830. `Stop Loss` yanu muiike pansi pang'ono pa malowo, pa 1.0825, womwe ndi mtunda wa mapipi 25. Mukatero m'pamene mumasankha kukula kwa loti. Pa EUR/USD, loti ya 0.01 imayenda masenti 10 pa pipi iliyonse, choncho $5 yogawidwa pa mapipi 25 ikupatsani masenti 20 pa pipi, yomwe ndi loti ya 0.02. Ambiri amachita mozondoka: amayamba asankha loti yaikulu, kenako n'kufinya `Stop Loss` kuti ikwane m'thumba, mtengo ukangogwedezeka pang'ono iwo atuluka kale.

Tsopano onani kumene mtengo ungafikedi usanakumane ndi chotchinga. Ngati malo amene unabwererapo komaliza uli m'mwamba ndi 1.0930, `Take Profit` ya pa 1.0925 ndi yomveka. Amenewo ndi mapipi 75, kapena $15. Mwaika $5 pangozi kuti mupeze $15, ndiye kuti 1:3.

Mukadziwa chiwerengerochi mungathe kupeza kuti muyenera kuwina kangati kuti mungobweza zanu, osapindula komanso osaluza:

```
1 / (1 + 3) = 0.25
```

Pamene pali 3 pamalowa phindu lanu mu ma R. Pa 1:3 mukufunika kuwina 25 peresenti yokha. Pa 1:2 ndi pafupifupi 33 peresenti, pa 1:1 ndi theka, ndipo ngati mumaika $3 pangozi kuti mupeze $1 muyenera kuwina 75 peresenti kuti mungoima pomwe munali.

Tiyese ndi matiredi 20. Mwawina 7, mwaluza 13. Owinawo abweretsa $105, oluzawo atenga $65, mwatsala ndi $40. Chotsanipo sipuledi ndi komishoni ya buloka, tinene masenti 30 pa tiredi, zonse pamodzi $6, phindu lenileni ndi $34. Mwaluza pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, koma akaunti yakwera. Mnzanu wa loti yomweyo amatseka akangoona mapipi 10, yomwe ndi $2, koma akamaluza amadikira mpaka mapipi 30, yomwe ndi $6. Wawina 14 pa 20, wapeza $28, wataya $36. Anzake amamutama kuti ndi katswiri chifukwa masiku ambiri amakhala atawina, koma watsika ndi $8 asanalipire n'komwe buloka. Zili ngati msodzi wa mbedza: nyambo zambiri zimangodyedwa, koma kampango mmodzi amalipira zonse.

Njira imeneyi si yachilendo. Richard Dennis, amene mu 1983 anayamba kuphunzitsa gulu lotchedwa Turtles ku Chicago, ankatsata mtengo ukayamba kulowera mbali imodzi. Otsata njira yotere amaluza matiredi ambiri ang'onoang'ono, ndipo phindu la chaka limachokera pa ochepa amene anayenda mtunda wautali.

Apa ndiye pali msampha, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene ophunzitsa ambiri amadumphapo mwadala. Manambala awiriwa, kawinidwe kanu ndi chiwerengero chonga 1:3 chija, ndi omangirirana. Mukakankhira `Take Profit` kutali kuti papepala pazioneka 1:5, mtengo udzafikako kochepa kuposa kale, ndipo kawinidwe kanu kadzatsika. Mukafupikitsa `Stop Loss` kuchoka pa mapipi 25 kufika pa 10, chiwerengero chikongola, koma kugwedezeka wamba kwa msika kuzikutulutsani pafupipafupi, komanso sipuledi idya gawo lalikulu la R yanu. Kulemba 1:3 pa tchati sikupanga phindu ayi. Phindu limakhalapo pokhapokha njira yanu ikamawinadi kuposa 25 peresenti pa mtunda umenewo, ndipo zimenezi simungazidziwe pongoganiza.

N'chifukwa chake chotsatira ndi kaundula. Pa akaunti yoyeserera, kapena ndi loti yaing'ono kwambiri, lembani tiredi iliyonse: polowera, `Stop Loss`, `Take Profit`, ndi pamene munatulukiradi, mu ma R. Matiredi 20 ndi ochepa, mwayi wokha ungawakometse kapena kuwaipitsa, ndiye pitirizani mpaka afike 100. Mukatero werengerani chonchi, pogwiritsa ntchito manambala enieni a m'kaundulamo:

```
(0.35 x 3) - (0.65 x 1) = 0.40
```

Ameneyu ndi munthu wowina 35 peresenti pa 1:3, ndipo tiredi iliyonse imamupatsa 0.40 R mukaphatikiza zonse n'kugawa. Koma yang'anitsitsani mzere wa potulukira. Ngati munakonza ma R atatu koma mantha amakutsekitsani pa R imodzi ndi theka, kawinidwe n'kukhala komweko, yankho likhala 0.525 kuchotsa 0.65, lomwe lili pansi pa ziro. Njira ndi yomweyo, tchati ndi chomwecho, koma tsopano mukuluza. Chizindikiro china choipa ndi kuluza kopitirira R imodzi. Mukaona −2 kapena −3 m'kaundula, ndiye kuti munasuntha `Stop Loss` mtengo utayandikira.

Chomaliza kukonzekera ndi kuluza motsatizana. Kwa munthu wowina 35 peresenti, kuluza matiredi 6 kapena 7 mondondozana pa matiredi 100 ndi chinthu choyembekezeka, ngakhale njira ili bwinobwino. Pa 1 peresenti, kuluza 7 kumachotsa pafupifupi 7 peresenti ya akaunti, $500 n'kukhala cha m'ma $466. Pa 10 peresenti, kuluza komweko kumasiya $239, ndipo muyenera kuchulukitsa ndalamayo kuposa kawiri kuti mubwerere pa $500. Njira yoluza kawirikawiri siyendera limodzi ndi loti yaikulu.

Dziwaninso kuti `Stop Loss` si lonjezo la mtengo. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland itasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza mulingo wa 1.20 pa EUR/CHF, mtengo unagwa mofulumira moti matiredi ambiri anatsekedwa kutali kwambiri ndi pamene eni ake anaika, ena mpaka anatsala ndi ngongole kwa buloka. Zing'onozing'ono za mtundu umenewu zimachitika pa nthawi yolengeza chiwongoladzanja komanso msika ukamatsegulidwa sabata ikatha. Ngati tiredi yanu idutsa nthawi zoterezi, chepetsani loti kapena itsekeni nkhaniyo isanatuluke.