HandBrake: Chida Chochepetsera Kanema Wotumiza pa Foni

HandBrake ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta, yomwe inayamba mu 2003. Ntchito yake ndi kutenga kanema yemwe wakonzedwa kale n'kumupanikiza kuti fayilo yake ichepe. Silumikiza zithunzi ngati mapulogalamu okonzera kanema, ndipo ikaikidwa pakompyuta sifuna intaneti. Kwa alangizi ndi magulu a alimi a ku Phalula, komwe netiweki ya Airtel kapena TNM imatha kufooka munthu akatalikira msewu wa M1, phindu lake ndi loti kanema amafika pa WhatsApp osamaliza bandulo ya wolandira.

Kukula kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri: kutalika kwa kanema ndi bitireti, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ikudya. Foni yojambula pa 1080p imatha kudya makilobiti pafupifupi 16,000 pa sekondi. Kanema wa mphindi 3 wosonyeza mmene ntchemberezandonda zimaonongera chimanga ali ndi masekondi 180. Kuchulukitsa 16,000 ndi 180, kenako kugawa ndi 8, kumapereka makilobayiti 360,000, omwe ndi mamegabayiti 360. Mlimi wogula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi sangatsegule fayilo yotere.

Kanema yemweyo angathe kutsika kufika pa mamegabayiti 15. Akamutsegula mu HandBrake, wokonza amasankha Fast 480p30 pa Preset, chifukwa pa galasi la foni yaing'ono 480p ndi yokwanira. Pa Summary amaonetsetsa kuti Format ndi MP4, n'kuchonga Web Optimized kuti kanema woikidwa pa intaneti azitha kuyamba kuonetsa asanamalize kutsika. Pa Video amasiya H.264 (x264), n'kusankha Avg Bitrate (kbps) ndi kulembapo 600. Pa Audio amasankha AAC, Mono ndi 64. Zithunzi ndi mawu pamodzi zikukwana 664 pa sekondi, ndipo masamu omwe aja akupereka makilobayiti 14,940. Chotsala ndi kudina Start Encode.

HandBrake ili ndi njira inanso yotchedwa Constant Quality, imene imasunga maonekedwe koma siuza munthu kukula kwa fayilo mpaka ntchito itatha. Kwa amene akuwerengera bandulo, kulemba bitireti n'kwabwino chifukwa kukula kumadziwika ntchito isanayambe.

Bitireti ya 600 sikwanira kanema aliyense mofanana, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. H.264 imachepetsa deta posunga makamaka zimene zasintha kuchokera pa chithunzi china kufika pa chotsatira. Mlangizi akamalankhula ataima pafupi ndi khoma, chimene chikuyenda ndi pakamwa ndi manja basi, choncho ngakhale 400 imaoneka bwino. Munda wa chimanga kapena wa thonje ukamawombedwa ndi mphepo, tsamba lililonse limagwedezeka, ndipo deta yochepayo imagawidwa ponseponse. Chizindikiro chake ndi timabokosi tooneka pa masamba ndi kusungunuka kwa tinthu ting'onoting'ono. Mbozi imene kanemayo anajambulidwira ndiyo imayamba kusowa. Zikatero, bitireti ikwere kufika pa 900, zomwe zimabweretsa fayilo ya mamegabayiti pafupifupi 22, kapena kanema afupikitsidwe. Kawirikawiri kufupikitsa ndiye nzeru: moni wautali wa poyamba amadya deta ngati phunziro lenilenilo. Pojambula ulendo wina, foni ikhale pa choimikira ndipo mbozi ijambulidwe pafupi, pa tsamba limodzi.

Mawu asatsitsidwe kwambiri pofuna kupulumutsa deta. Pa mamegabayiti 15 aja, mawu akutenga osakwana 1.5, ndipo mlimi amapirira chithunzi chosawala koma sapirira malangizo osamveka. Zolemba za pa kanema, monga mlingo wa mankhwala, zikhale zazikulu, chifukwa zilembo zing'onozing'ono siziwerengeka pa 480p.

Foni ikamatulutsa mawu okha, chithunzi chili bii, kapena ikakana fayilo, nthawi zambiri vuto ndi H.265. Njirayi imachepetsa fayilo kuposa H.264, koma mafoni akale ambiri saitha. N'chifukwa chake kanema ayesedwe pa foni yakale yotchipa asanapite ku gulu, osati pa kompyuta imene wakonzedwera.

Kanema wotumizidwa pa WhatsApp kudzera pa Gallery amatha kupanikizidwanso, ndipo akapanikizidwa kawiri maonekedwe amatsika. Wotumizidwa ngati Document amafika mmene alili, ndipo wolandira amalipira deta ya fayilo yonse, choncho njirayi ndi ya kanema wochepetsedwa kale. Pamsonkhano wa gulu, mmodzi akatsitsa, ena angalandire pa Bluetooth kapena pa memoli khadi popanda bandulo. Fayilo yoyamba yaikulu ija isungidwe padera, ndipo kuchepetsa kwina kulikonse kuziyambira pa iyo, chifukwa zimene zatayika popanikiza sizibwereranso.