Kuchonga Kophunzitsa Lamulo

M'chigawo cha Tete, kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa kuyambira mu 1993 mpaka 1997 pansi pa ntchito ya PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja ndi Chipwitikizi. Lero mwana wa ku Angónia amakumana ndi kalembedwe ka mitundu iwiri, ndipo nthawi zina amasakaniza. Motero kachongedwe kanu kayenera kumusonyeza chifukwa cha kukonza kulikonse.

Tiyerekeze kuti mwana walemba kuti: "Atate anagula makhasu awiri ndi nhemba kumsika wa ku Ulongwe." Mukangokhwatcha mawu olakwikawo n'kulemba "makasu" ndi "nyemba" pamwamba, mwanayo adzakopera mosavuta. Koma sabata yotsatira adzalemba "maphiri" ndi "nhumba", pakuti anangolandira mawu awiri okonzedwa, lamulo lake sanalimve.

M'malo mwake, lembani chifukwa chachifupi m'mphepete mwa kope. Pa "nhemba" lembani kuti: "nh ndi wa m'Chipwitikizi; m'Chinyanja timalemba ny." Pa "makhasu" lembani kuti: "khasu, makasu: tikachulukitsa ndi ma-, h amachoka." Chifukwa chilichonse chisapitirire mzere umodzi, ndipo chikhale m'chilankhulo cha mwanayo. Musafotokoze zolakwa zonse tsiku limodzi. Sankhani ziwiri zimene zikubwerezedwa kwambiri.

Kenaka yesani ngati lamulo lalowa. Musamuuze kuti alembenso mawu omwe aja, chifukwa adzangowaloweza. Mupatseni atsopano: achulukitse "phiri", "thumba" ndi "khutu", ndipo alembe "nyanja" ndi "nyama" inu mukutchula. Akalemba mapiri, matumba ndi makutu, ndiye kuti wamva. Akakhoza "makasu" okha n'kuphonya enawo, anangoloweza, ndipo mufotokozenso pogwiritsa ntchito chitsanzo china.

Dziwani kuti lamulo lalifupi lili ndi malire ake. Mwana wakhama angayambe kuchotsa h paliponse pamene waona ma-, mpaka kulemba "amakala" m'malo mwa "amakhala". Musamudzudzule, chifukwa watsatira zimene munamuuza. Muuzeni kuti lamulo lija likukhudza mayina, pamene "amakhala" ndi mneni, ndipo -ma- wake akusonyeza zochitika kawirikawiri. Muonjezerenso kuti mayina ambiri ochokera ku aneni amasunga h wawo: phunziro, maphunziro; khalidwe, makhalidwe. Malire otere muwatchule pamene mwana wawagunda. Mukawatchula tsiku loyamba, mudzamusokoneza.

M'kalasi ya ana ambiri simungathe kulemba chifukwa m'kope lililonse. Mukaona cholakwa chimodzi m'makope angapo, chilembeni pa bolodi popanda kutchula mwini wake, ndipo ana anene okha lamulo lake.

Ntchito: Mwana walemba kuti, "Amayi anaika mbatata m'mathumba, ndipo amapika nhama." Pezani zolakwa zitatu, mulembe chifukwa cha mzere umodzi pa chilichonse, kenaka mukonze mawu awiri atsopano oyesera lamulo lililonse.